Mizere ya pansi pa kanema wa kusamba m'manja

Makanema ambiri a zaumoyo amene timaika pa YouTube amafera pansi pake. Kanema weniweniyo amakhala wabwino ndithu. Wojambula wagwira bwino, mayi akusamba m'manja pa mpondagiya, thovu likuoneka, mawu akumveka. Koma ukatsikira pamalo olembapo mawu ofotokozera, paja pamalembedwa kuti Description, umangopeza dzina la pulojekiti, dzina la amene anapereka ndalama, ndi chiganizo chimodzi cha Chingerezi chimene anachidula mu lipoti. Mawu oti "kusamba m'manja" palibepo. Nanga mphunzitsi wa ku Mchinji amene akufuna choonetsa ana a Sitandade 3, kapena mayi wa ku Ndirande amene wamva kuti kolera yafika m'dera lawo, kanemayo adzamupeza bwanji?

Vuto limenelo n'losavuta kuliona. Lilipo lina lobisika, ndipo ine ndimaliopa kwambiri. Ndi la anthu amene anazindikira kuti mawu okopa amabweretsa oonera, ndiye amalemba zinthu zimene kanemayo sananene, kapena zimene sizoona n'komwe. Pa nyimbo kapena sewero zimenezo zilibe kanthu kwenikweni. Pa uthenga wa zaumoyo, mawu a pansiwo ndi uthenga paokha. Alipo anthu ambiri amene amawerenga mutu ndi mizere iwiri yoyamba, n'kutseka kanemayo asanafike pakati chifukwa bandulo ikutha. Zimene awerengazo ndi zimene apita nazo kunyumba.

Ndifotokoza za kanema mmodzi. Anajambula ndi gulu la achinyamata amene amathandiza pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja, nyengo ya mvula ikuyandikira. Ndi wa mphindi 2 ndi masekondi 40. Akuyamba ndi mlangizi wa zaumoyo akutchula nthawi zisanu zofunika kusamba m'manja, kenako mayi wina akusamba pa mpondagiya wa kachigubu ka malita 5, pomaliza banja likukonzekera kudya nsima. Mnyamata amene amayendetsa tsamba lawo ananditumizira mawu amene anakonza kuti aike pansi pake, ndipo anali otere: "Sambani m'manja masekondi 20 ndipo kolera idzatheratu! Sopo amapha tizilombo tonse. Onerani, gawani, musaiwale kutitsatira." Pansi pake panali mulu wa mahashitagi, ena okhudza malungo ndi edzi, zimene mu kanemamo mulibe.

Sanalembe ndi mtima woipa, ndipo mfundo iliyonse ya zaumoyo imene analemba ili ndi kachoonadi mkati. Koma zonse zitatu, mmene zalembedweramo, zikhoza kusocheretsa munthu.

Tiyambe ndi masekondi. Nambala ya 20 inatchuka kwambiri m'chaka cha 2020, ndipo ndi yoona: bungwe la CDC la ku America limati munthu azitikita manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20. Koma limanena nthawi yotikita yokha, thovu lili m'manja. Bungwe la WHO, pa chithunzi chake chija chimamatidwa m'zipatala pafupi ndi mpopi, limati ntchito yonse, kuyambira kunyowetsa manja mpaka kuwaumitsa, izitenga masekondi 40 mpaka 60. Ndipo pali nambala yachitatu, masekondi 20 mpaka 30, imene WHO imapereka kwa munthu wopaka sanitayiza. Nambala zitatu zonsezi zimayendayenda pa intaneti ngati kuti zikunena chinthu chimodzi, ndipo wolemba mothamanga amatola iliyonse imene yamuyandikira. Munthu akawerenga kuti "sambani masekondi 20" amayamba kuwerenga akungotsegula madzi, n'kumaliza akupukuta. Sopo wakhala m'manja mwake mwina masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi.

Choncho chinthu choyamba chimene ndinamuuza mnyamatayo n'chakuti aonerenso kanemayo ali ndi wotchi m'manja. Tinapeza kuti mayi uja akuyamba kunyowetsa manja pa 0:55 ndipo akumaliza kuwakutumula pa 1:45, masekondi 50, ndipo mwa amenewo pafupifupi 25 akutikita. Mwayi unalipo, kanemayo akugwirizana ndi malangizo onse awiri. Koma sizikhala choncho nthawi zonse. Odula makanema sakonda kuona munthu akutikita manja nthawi yaitali, amati zikutopetsa, ndiye amadumphitsa. Ngati kanema wanu akuonetsa kutikita kwa masekondi 8 okha pamene pansi mwalemba 20, maso a woonera adzakhulupirira zimene aona. Pamenepo muli ndi njira ziwiri: kubwezera gawo lodulidwalo, kapena kulemba poyera kuti chithunzichi chafupikitsidwa. Ine ndimakonda yoyambayo.

Chachiwiri ndi mawu oti sopo amapha tizilombo tonse. Apa ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa mawu amodzi amenewa amasintha zimene anthu amachita pakhomo. Ntchito yaikulu ya sopo wamba ndi kumasula mafuta ndi litsiro zimene zamatirira pakhungu, limodzi ndi tizilombo tili momwemo, kuti madzi azikokolole. Tilipo tizilombo tina tokutidwa ndi mafuta, ngati kachilombo ka korona, timene sopo amatiphwanya. Koma tambiri toyambitsa matenda otsekula m'mimba timachoka m'manja tili tamoyo, n'kupita kumene madziwo akupita.

Tsopano taganizani za beseni lija timayendetsa nsima ikafika. Amayamba ndi bambo, kenako alendo, kenako achimwene aakulu, ndipo likamafika kwa wamng'ono madzi asanduka a mbuu. Munthu amene anawerenga kuti sopo amapha zonse alibe chifukwa chosiyira mwambo umenewu. Adzangoika sopo pambali pa beseni n'kumati wamaliza. Koma amene anawerenga kuti sopo amachotsa, ndipo madzi ndi amene amanyamula, amadzifunsa yekha kuti nanga zochotsedwazo zikupita kuti. Gawo lomaliza la kanema uja linali lophunzitsa zimenezi: mwana wamkazi akuthirira aliyense madzi ndi jagi, beseni lili pansi kungolandira madzi akuda. Ndiye kuti mawu a pansi anali kugwetsa phunziro limene kanemayo anavutikira kulijambula. Tinalemba kuti "sopo amachotsa tizilombo, madzi othira amatikokolola".

Chachitatu ndi kolera. Ndikumvetsa chifukwa chake anaitchula. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Mvula ikayamba anthu amasakadi mawu amenewa, ndipo kanema wa kusamba m'manja ali ndi ufulu wonse wopezeka pamenepo. Cholakwika ndi mawu oti idzatheratu. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Banja likhoza kusamba m'manja mwa dongosolo lonse, koma ngati likumwa madzi a pachitsime chimene chalowa madzi osefukira, osawiritsa kapena kuthira klorini, likhoza kudwalabe. Kusamba m'manja kumatseka njira imodzi mwa zingapo. Mawu oona ndi akuti kumachepetsa chiopsezo, ndipo ngakhale sakukoma ngati oyamba aja, ndi amene tingathe kuwaikira kumbuyo mlangizi wa zaumoyo atatifunsa.

Palinso chiyeso choika maperesenti kuti zioneke za sayansi. CDC imanena kuti kusamba m'manja kumachepetsa chiwerengero cha odwala matenda otsekula m'mimba ndi 23 mpaka 40 peresenti. Nambala imeneyo ikunena za matenda otsekula m'mimba onse pamodzi, si ya kolera payokha. Ndaonapo wina atatenga 40 yekhayo, n'kutaya 23, n'kuimata pa kolera. Ngati kanema sanatchule nambala yotereyi, ine sindiiika pansi. Ngati waitchula, ndimailemba yonse ndi dzina la amene anaipereka.

Ndipo mukangotchula kolera mwadzisenzetsa udindo wina. Pakati pa anthu amene adzalemba mawu amenewo posaka padzakhala wina amene mwana wake akutsekula kale zamadzimadzi usiku umenewo. Iyeyo phunziro la kasambidwe lamuchedwera. Kolera ikhoza kupha munthu m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Choncho pamafunika mzere umodzi, wosabisika pansi penipeni, womuuza kuti ayambe kumwetsa wodwalayo Thanzi ORS ndipo athamangire kuchipatala. Uwu ndi wina wa madzi akumwa ndi chimbudzi ndiyo mizere yokhayo imene ndimalola kuti inene zimene mu kanemamo mulibe. Mukafuna kuonjezera nambala ya foni, ngati ya Chipatala Cha Pa Foni, iimbeni kaye tsiku lomwelo mumve kuti ikugwira.

Zoona zikakhazikika, m'pamene timayamba kuganiza zopezeka. Anthu ambiri amayambira kumeneku, n'chifukwa chake amathera pa kunama.

Makina osakira amadalira kwambiri zolembedwa: mutu, mawu ofotokozera, ndi mawu oyenda pansi pa chithunzi ngati munawaika. Mlangizi uja akhoza kunena "kusamba m'manja" kakhumi mu kanemamo, koma musayembekezere kuti makina amva Chichewa chake n'kumusungira malo. Muyenera kulemba nokha. YouTube imalola mutu wa zilembo 100 ndi mawu ofotokozera a zilembo 5,000, koma pa foni mutu wautali umadulidwa, ndipo pa mawu ofotokozerawo pamaoneka poyambira pokha mpaka munthu atadina kuti aone zambiri. Malo enieni amene muli nawo ndi theka loyamba la mutu ndi chiganizo choyamba. Moni, dzina la gulu ndi zothokoza opereka ndalama zipite kumunsi. Ndikudziwa kuti ena mwa iwo amafuna dzina lawo pamwamba, koma palibe amene amadzuka m'mawa n'kusaka dzina la pulojekiti.

Mawu oika pamenepo muwatenge pakamwa pa anthu. Mu ofesi timalemba "ukhondo wa m'manja" kapena "makhalidwe abwino a ukhondo", koma pa mjigo palibe amayankhula choncho. Amati kusamba m'manja, sopo, kutsekula m'mimba, kolera, mpondagiya. Njira yachidule yoyesera ndi kutenga foni ya munthu wina, osati yanu imene ikudziwa kale zimene mumaonera, n'kuyamba kulemba mawuwo pamalo osakira. Onani zimene YouTube ikumalizitsa yokha, ndi makanema amene akubwera. Pa Chichewa nthawi zambiri mudzapeza zochepa, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino: opikisana nawo ndi ochepa, kanema wolembedwa bwino savutika kukwera.

Kalembedwe ndi kamene kamatipinga. Pa foni anthu ambiri saika kachizindikiro ka pakati pa m ndi m, amangolemba "mmanja". Ena amalemba "kutsegula", ena "kutsekula". Ena "kolera", ena "kolela", ndipo ambiri amalemba "cholera" ngakhale chiganizo chonse chili m'Chichewa. Pa Chingerezi makina amadziwa kukonza zoterezi, koma pa chilankhulo chathu sindiwadalira. Zimene ndimachita n'zakuti mutu ndi chiganizo choyamba ndimalemba molondola, kenako kalembedwe kenako ndimakalowetsa kamodzi m'chiganizo chenicheni kumunsi, ndipo zotsalazo ndimaziika m'bokosi la Tags. YouTube yokha imanena kuti bokosi limenelo silithandiza kwambiri, kupatula pa mawu amene anthu amakonda kuwalemba molakwika, ndiye ntchito yake ndi imeneyi basi. Kuunjika mawu osakira m'mizeremizere mkati mwa Description n'kuphwanya malamulo awo, komanso kumachititsa uthenga wa chipatala kuoneka ngati malonda a mankhwala a mphamvu.

Mzere umodzi wa Chingerezi ndimauika, kumunsi. Si wa mayi wa ku Ndirande uja ayi. Ndi wa wogwira ntchito ku bungwe kapena namwino wa ku Chipata amene akufuna kanema wa m'chilankhulo chathu koma akusaka m'Chingerezi, ndipo iyeyo akhoza kulemba Chichewa kapena Nyanja, choncho mayina onse awiri akhalepo.

Panali mkangano pang'ono pa mawu oti "kapangidwe ka mpondagiya". Mnyamatayo anaona kuti amenewa ndi mawu amene aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi angasake, ndipo sananame. Koma kanemayo akuonetsa mayi akugwiritsa ntchito mpondagiya wopanga kale, sakuonetsa kudula mitengo, kuboola chigubu kapena kumanga chingwe. Kulemba mawu amenewo kukanakhala ngati kondakitala woitanira "Limbe! Limbe!" pamene minibasi ikukathera pa Ginnery Corner. Anthu amakwera, koma amatsika atakwiya. Ndipo makina amaona kutsikako: anthu akamatsegula kanema n'kuthawa m'masekondi oyamba, amasiya kumuonetsa kwa ena. Tinalemba kuti "pa mpondagiya" basi, ndipo kapangidwe tinati adzajambule kanema wake. Chimodzimodzi phulusa ndi sanitayiza: mu kanemamo mulibe, ndiye pansi pake sitinazitchule.

Mawu amene tinamaliza nawo ndi awa. Mutu: "Kusamba m'manja ndi sopo: njira yoyenera ndi nthawi 5 zofunika". Pansi pake:

```
Onani kasambidwe ka m'manja ndi sopo ndi madzi othira, pa
mpondagiya kapena ndi jagi. Kumachepetsa chiopsezo cha kolera
ndi matenda ena otsekula m'mimba.

Tikitani ndi sopo masekondi osachepera 20. Ntchito yonse itenge
masekondi 40 mpaka 60. Sopo amachotsa tizilombo, madzi othira
amatikokolola. Kusamba mmanja pakokha sikukwanira: imwani madzi
owiritsa kapena othira klorini, gwiritsani ntchito chimbudzi.

Wina akutsegula m'mimba zamadzimadzi? Mumwetseni Thanzi ORS
ndipo thamangirani kuchipatala.

0:00 Nthawi 5 zofunika kusamba m'manja
0:35 Sopo ndi madzi othira
0:55 Kasambidwe kake
1:45 Tisasambire m'beseni limodzi

Handwashing with soap, in Chichewa / Nyanja (Malawi). Cholera.
```

Mizere ya nthawi ija ili ndi lamulo lake. Kuti YouTube iisandutse zigawo zodina, woyamba uyenera kukhala 0:00, ikhale itatu kapena kuposa, yotsatana bwino, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Mukayamba ndi 0:05 zigawozo sizioneka. Phindu lake ndi lapawiri: mphunzitsi akhoza kudumphira pa 0:55 n'kubwereza gawo lokhalo pamaso pa ana, komanso dzina la chigawo chilichonse ndi mawu enanso osakika amene ndi oona. Mahashitagi tinasiya awiri okha. Pansi pa zonsezi tinaika mwezi ndi chaka chimene kanemayo anajambulidwa, ndi udindo wa amene anaona uthengawo, popanda dzina lake chifukwa sanafune. Tsikulo n'lofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Kanema amakhala pa intaneti zaka, ndipo mawu ngati "mliri umene wagwa panowu" akhoza kuopseza munthu wowawerenga patapita zaka zitatu kuli bata. N'chifukwa chakenso sitinalembe za tsiku la pa 15 Okutobala, limene dziko lonse limakumbukira kusamba m'manja kuyambira 2008. Zimenezo zimakwana pa uthenga wogawira kanemayo sabata imeneyo, osati pa mawu okhalitsa.

Chinthu chimodzi ndinakaniza dala, ngakhale anachipempha: muyezo wosungunulira klorini. M'malo osamalira odwala kolera, madzi osambira m'manja amakhala ndi klorini wa 0.05 peresenti, wofooka kwambiri poyerekeza ndi wa 2 peresenti wothira pa chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Koma kuchuluka kwa masupuni kumadalira mtundu wa klorini amene munthu ali naye, waufa kapena wamadzi, ndi mphamvu yake. Mzere umodzi wolembedwa mwachidule, wowerengedwa pa foni yosweka galasi, ukhoza kuotcha manja a mwana. Zimenezo azifotokoza alangizi a zaumoyo ali ndi chidebe patsogolo.

Kanema akakhala pamenepo masabata angapo, YouTube Studio, malo amene mwini tsamba amayendetsera makanema ake, imaonetsa ngati mawuwo akugwira. Mu Analytics muli poonetsa kumene oonera akuchokera, ndipo pansi pa YouTube search mumaoneka mawu amene anthu analemba kuti amupeze. Kanema wa oonera ochepa mwina saonetsa zambiri, koma zikaoneka muziwerenge mofatsa. Mukapeza mawu amene simunawaganizire ndipo akugwirizana ndi kanemayo, alowetseni, chifukwa Description imasinthika nthawi iliyonse popanda kuikanso kanema. Mukapeza kuti anthu akubwera ndi mawu ngati "mankhwala a kolera" n'kutuluka msanga, ndiye kuti mutu wanu ukulonjeza chithandizo pamene kanema akuphunzitsa kupewa, ndipo mzere wa Thanzi uja uyenera kukwera pamwamba.

Pali malire amodzi amene ntchito yonseyi siingadumphe. Kwathu kuno makanema ambiri sayenda ndi linki. Wina amamutsitsa kamodzi, kenako amayenda pa WhatsApp, pa Bluetooth, pa memole khadi ya kwa wobena nyimbo pamsika. Paulendo umenewo mutu ndi mawu onse a pansi zimatsalira, ndipo chimene chimafika m'foni ya munthu ndi fayilo ya dzina longa `VID-20230114-WA0007.mp4`. Choncho fayilo imene gululo limagawa lokha tinaitcha `kusamba-mmanja-ndi-sopo.mp4`, kuti kumene dzina lipulumuke munthu athe kuisaka m'foni mwake. Ndipo ndinawapempha abwerere kwa wodula kanema kuti mizere itatu, wa masekondi, wa madzi akumwa ndi wa Thanzi ORS, ilembedwe pa chithunzi chomaliza pamodzi ndi mwezi ndi chaka, ikhalepo masekondi okwanira kuti munthu wowerenga pang'onopang'ono amalize. Kanemayo anatalika ndi masekondi 12, koma popeza anaonjezera kumapeto, mizere ya nthawi ija sinasinthe.